Akuti akuwerengera pa foni pomwepo: mungathetse bwanji mkangano wa madzulo alionse?

"Ndine mayi wa mnyamata wa zaka 15. Tinamugulira foni chaka chatha chifukwa aphunzitsi amatumiza manotsi pa gulu la WhatsApp la kalasi yawo. Panopa madzulo alionse ndi mkangano. Ndikamuuza kuti aike foni pansi awerenge, amati akuwerengera pomwepo, koma ndikasuzumira ndimapeza mavidiyo kapena macheza ndi anzake. Amagona mochedwa, m'mawa kumudzutsa ndi nkhondo, ndipo masamu omwe ankakhoza bwino atsika. Ndinamulanda foniyo kwa milungu iwiri, anangosiya kutilankhula, kenako ndinadzamva kuti ankabwereka ya mnzake. Bambo ake akuti tiigulitse basi. Ine ndatopa ndi kukalipa. Ndichite chiyani?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Pa zonse mwalembazi palibe chosonyeza kuti mwana wanu wawonongeka. Pa zaka zimene ndakhala ndikukhala pansi ndi makolo ndi ana a msinkhu umenewu, mnyamata amene akuyankhabe mayi ake, ngakhale mokwiya, sandidetsa nkhawa kwambiri kusiyana ndi amene wangoti zii, wadzitsekera kuchipinda. Vuto lanu n'lenileni, koma lili ndi poligwira.

Chimene chikukutopetsani ndi chakuti lamulo la foni pakhomo panu silinakhalepo, lamulo ndinuyo. Madzulo alionse mumayenera kuona kuti nthawi yakwana, kulankhula, kubwereza, kukweza mawu, kenako kulanda. Ndipo mumalankhula nthawi yoipitsitsa, iye ali pakati pa vidiyo kapena akudikira yankho la mnzake. Mawu akuti "ika foni pansi uwerenge" alibe poyambira, alibenso pothera. Mwana sadziwa kuti foniyo aionanso pakatha mphindi 30 kapena mawa, ndiye amalimbana nanu ngati kuti ikupita osabweranso. Chinthu chilichonse chimene chimagamulidwa mwatsopano tsiku lililonse chimakhala chokambirana tsiku lililonse, ndipo mwana wa zaka 15 ali ndi mphamvu zokambirana zoposa za mayi amene watopa ndi ntchito.

Palinso mbali ya thupi. Gawo la ubongo limene lili kuseri kwa chipumi, lomwe limathandiza munthu kudziletsa ndi kukonza za mawa, ndi limene limachedwa kukhwima. Limapitiriza kukula mpaka munthu atadutsa zaka 20. Pamene mbali yofuna zosangalatsa ndi kuyanjidwa ndi anzake imakhala itadzuka kale pa msinkhu wa mwana wanuyu. Mapulogalamu a mavidiyo aafupi anawapanga dala kuti asakhale ndi pothera: ina ikatha, ina yayamba kale. Akuluakulufe zimatigonjetsa. Choncho mwana akamati "ndisiya pompano" nthawi zambiri sakunama, amaterodi mumtima, koma chomuimitsa palibe. Ntchito yanu si kukhala chomuimitsacho madzulo alionse ayi. Ndi kukhazikitsa dongosolo limene lidzamuimitse inu muli chete.

Musayambe ndi kuwerengera maola onse a tsiku. Makolo ambiri amabwera ndi funso loti maola angati ndi oyenera, ndipo pa nambala imeneyo ndi pamene mikangano yambiri imabadwira, chifukwa mwana amati ola lina linali la sukulu, lina anali kumvera nyimbo basi. Ngakhale bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, lomwe kwa nthawi yaitali linkalangiza za malire a maola awiri patsiku, mu 2016 linasiya kupereka nambala imodzi kwa ana a msinkhu wa sukulu ndi achinyamata. M'malo mwake linayamba kulimbikitsa kuti banja lililonse likonze dongosolo lake loteteza tulo, maphunziro ndi kuyendayenda kwa thupi. Ine ndimalangiza chimodzimodzi. Tetezani zinthu ziwiri zokha: nthawi yogona, ndi nthawi imodzi yowerenga foni ili kutali. Zina zonse, pakali pano, zilekeni.

Tiyambe ndi tulo, chifukwa ndikukayikira kuti kutsika kwa masamu kwayambira pamenepo. Mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Werengerani chobwerera m'mbuyo: ngati amadzuka hafu pasiti 5, ndiye kuti pofika hafu pasiti 9 ayenera kukhala atagona, osati akulowa kumene m'bafa. Chovuta n'chakuti mwana akatha msinkhu, thupi lake limayamba kuchedwa kutulutsa melatonini, yomwe imabweretsa tulo. Ndiye akamakuuzani 9 koloko kuti "tulo palibe", akunena zoona. Koma akagona ndi foni pambali, kadanga kameneka ka m'maso muli gwa amakadzaza ndi macheza, ndipo 10 koloko imasanduka 1 koloko. Anthu amakonda kunena za kuwala kwa sikirini, ndipo kuli ndi mbali yake, koma chachikulu ndi chakuti zimene akuonazo zimadzutsa maganizo ndi kudya nthawi yeniyeniyo ya tulo. Mwana amene wagona maola asanu amakhala m'kalasi thupi lokha. Masamu ndiye sakhululuka, chifukwa phunziro la lero limaima pa la dzulo.

Njira yake ndi yosavuta kuinena: foni imagona kunja kwa chipinda chake. Sankhani malo amodzi oitchajira, pabalaza kapena kuchipinda kwanu, ndipo chaja ikhale pomwepo nthawi zonse. Izipita pamenepo ola limodzi, kapena mphindi 30 zikavuta, isanakwane nthawi yogona. Akati amaigwiritsa ntchito ngati alamu, mugulireni kawotchi kodzutsa. Ndipo pano ndikutsineni khutu: lamuloli limagwira msanga ngati mafoni a inu ndi bambo ake nawonso akugona pa malo omwewo, kapena ngati mwafotokoza poyera chifukwa chimene yanu ikukhalira pafupi, monga kudikira foni ya kuntchito kapena ya wodwala. Ana a msinkhu uwu amapirira lamulo lolimba, koma lamulo la tsankho salipirira.

Musanakambirane naye, pezani kaye zoona zake. Paja amati kutsutsa galu n'kukumba. Foni yake imasunga yokha mbiri ya mmene ikugwiritsidwira ntchito. Ngati ndi ya Android, pitani pa Settings, kenako Digital Wellbeing. Ngati ndi iPhone, pa Settings, kenako Screen Time. Muona nthawi imene pulogalamu iliyonse yadya, kuchuluka kwa mauthenga amene alira, ndi kangati foniyo yatsegulidwa. Yambani ndi kumuonetsa ya foni yanu, ngakhale ichititse manyazi. Kenako iye agwire yake yekha, awerenge yekha mokweza. Musalowe m'mauthenga ake, ndipo muuzeni zimenezo musanayambe. Zimene ndaona kawirikawiri n'zakuti mwana amadzidzimuka yekha. Ankaganiza kuti mavidiyo amamudyera ola limodzi, wapeza atatu. Pamenepo musanene kuti "waona, ndimanena ine". Khalani chete, nambalayo ilankhule yokha.

Tsopano pa nkhani imene yakugwiritsani njakata, ya manotsi amene ali pa foni. Mwana wanu sakunamiratu. Manotsiwo alipodi, pa gulu lomwelo limene likulira mphindi iliyonse, mu pulogalamu yomweyo imene muli anzake onse. Amalowa kuti aone funso lachitatu, wapeza mauthenga asanu ndi awiri osawerenga, ndipo pomabwerera ku buku waiwala pamene anali. Ubongo suchita zinthu ziwiri zofuna kuganiza nthawi imodzi. Umadumphadumpha, ndipo ukadumpha umafunika nthawi kuti upezenso pamene unasiyira. Pa phunziro la mbiri mwana akhoza kubwereza ndime. Pa samu ya masitepe asanu, akadodometsedwa pa sitepe yachitatu, amayambiranso kapena amalakwitsa chizindikiro.

Mu 2017, Adrian Ward ndi anzake, pa kafukufuku wawo ndi ophunzira a kuyunivesite ku America, anawapatsa mayeso ofuna kuganiza, ena foni ili pa tebulo, ena ili m'thumba kapena m'chikwama, ena ili m'chipinda china. Amene mafoni awo anali m'chipinda china ndi amene anachita bwino. Ofufuza ena atabwereza, si onse anapeza zofanana, choncho sindiimika nkhani yonse pa kafukufuku ameneyu. Koma pa ntchito yanga, kugadabuza foni pa tebulo sindinakuone kukuthandiza. Dzanja limapita lokha.

Chochita ndi kulekanitsa nthawi yotenga ntchito ndi nthawi yogwira ntchito. Mphindi 10 zoyambirira foni ili m'manja mwalamulo: atsegule gulu la kalasi, akopere mafunso a tsikulo mu kope ndi cholembera, ndipo ngati pali chikalata chachitali achitsitsiretu mu foni. Zikatha mphindi 10, foni ipite pa malo ake otchajira aja. Akakumana ndi mawu kapena njira ya samu imene akufuna kufufuza, alembe m'mphepete mwa kope, adzafufuze zonse pamodzi pamapeto. Kawirikawiri theka la zimene analembazo amapeza kuti wazimvetsa yekha asanafike pamapetopo. Kakyuleta ikhale yapayokha, osati ya mu foni. Tsiku limene akufunikadi kuwerenga chikalata chachitali pa sikirini, ayatse Airplane mode ndi kuzimitsa Wi-Fi, awerengere pa tebulo la poyera pamene anthu amadutsa, osati pabedi. Ngati aphunzitsi amatumiza masamba ambiri nthawi zonse, kusindikiza amene ndi ofunika kwambiri kumachotsa mkangano wonse wa tsiku limenelo.

Ndikuonetseni mmene madzulo amodzi angayendere, inu mudzasinthe nthawizo kuti zigwirizane ndi pakhomo panu. Tinene kuti wafika kuchokera kusukulu 4 koloko. Kuyambira pamenepo mpaka hafu pasiti 5, akatha kudya ndi ntchito zake zapakhomo, foni ndi yake, ndipo inu simunenapo kanthu, ngakhale akuonera zimene inu mukuziona zopanda pake. Mbali imeneyi ndi imene makolo amaiona yowawa, koma ndi imene imagula zina zonse. Hafu pasiti 5 alamu ya pa foni yake, imene waitchera yekha, ilira. Mphindi 10 zokopera ntchito. Kenako foni pa chaja, iye pa tebulo: mphindi 30 za masamu, kupuma mphindi 5, mphindi 30 zinanso, kupuma, kenako mphindi 30 za phunziro lina. Isanakwane hafu pasiti 7 watha. Foni abwerera nayo mpaka kota tu 9, kupatula nthawi ya chakudya, kenako ikagona pa malo ake.

Ola limodzi ndi theka lingaoneke lochepa kwa inu. Koma yerekezani ndi maola atatu a panopa, buku lili chitsegulire, maso ali pa foni. Yambani ndi zochepa zimene zingatheke, mudzawonjezere mayeso akayandikira. Njira yodula nthawi m'zigawo imeneyi si yachilendo. Yodziwika kwambiri ndi ya Francesco Cirillo wa ku Italy, ya mphindi 25 zogwira ntchito ndi 5 zopuma. Nambalazo si zopatulika. Mwana amene maganizo ake amathawa msanga ayambe ndi mphindi 20. Chimene sindilola kusintha ndi chakuti kupuma kwa mphindi 5 kukhale kopanda foni. Aimirire, amwe madzi, atuluke panja. Akangoigwira, mphindi 5 zimasanduka 25, ndipo mkangano uja wabwerera pakati pa kuwerenga.

Musayeze kuwerenga ndi nthawi yokha. Mwana akhoza kukhala pa tebulo mphindi 90 akudikira kuti zithe. Asanayambe, alembe pamwamba pa tsamba chimene atsirize: masamu khumi a mutu wakutiwakuti, kapena kuwerenga masamba anayi kenako kutseka buku ndi kulemba zimene akukumbukira. Kutseka buku ndi kudzifunsa kumathandiza kukumbukira kuposa kubwereza kuwerenga, ndipo kumasiya chinthu chooneka ndi maso. Pamapeto inu simufunsa kuti "wawerenga?", funso limene yankho lake ndi "eya" nthawi zonse. Mumangoti "tandionetsa za lero", n'kuyang'ana kope mphindi imodzi. Simuyenera kudziwa masamuwo kuti muone ngati tsamba lalembedwa.

Dongosolo lonseli likhoza kufa kapena kukhala moyo malinga ndi mmene mwalibweretsera. Musalilengeze pakati pa mkangano, ndipo musalilengeze foni ili m'manja mwake. Sankhani tsiku lopuma, masana, aliyense atakhuta. Anyamata ambiri amamasuka mukamayenda nawo kapena mukamagwira ntchito limodzi, osati mutayang'anizana pa tebulo ngati kubwalo la milandu. Mukhoza kuyamba chonchi:

"Mwanawe, ine ndatopa ndi kukukalipira madzulo alionse, ndipo ndikudziwa kuti iwenso watopa. Foni sindikufuna kukulanda. Pali zinthu ziwiri zokha zimene sindisintha: usiku igona pabalaza, ndipo pa nthawi yowerenga ikhala kutali. Zina zonse usankhe wekha."

Adzayankha mwina kuti, "Koma Amayi, anzanga onse amagona ndi mafoni awo." Musatsutse, mwina ndi zoona. Ingonenani kuti, "Mwina amaterodi. Kuno igona pabalaza. Tsopano ndiuze, ukufuna kumayamba kuwerenga nthawi yanji?" Ndipo zosankhazo zikhale zenizeni: nthawi yoyambira, phunziro loyamba nalo, malo okhala, kutalika kwa zigawo, ndi mmene Lachisanu ndi Loweruka zisiyanirane ndi masiku ena. Ngati asankha kuyamba 6 koloko pamene inu mumafuna 5, lolani. Nthawi imene wasankha yekha ndi yovuta kuikana mawa. Mufunseninso chimene akufuna kuti inu musinthe. Kawirikawiri amati, "Musamandisuzumire," kapena "Musamandinyoze pamaso pa alendo." Vomerani, ndipo sungani. Lembani zonse pa pepala limodzi, mugwirizane kuti muyesa kwa milungu iwiri kenako mudzakhalanso pansi. Mawu akuti "tiyese" mwana amawalandira mosavuta kusiyana ndi akuti "kuyambira lero".

Za chilango, kumulanda kwa milungu iwiri kuja sikunagwire ntchito pa zifukwa zodziwika. Chilango chachitali chimamusiya mwana wopanda choti ataye. Tsiku lachitatu alibenso chifukwa chochitira bwino. Chimamudula kwa anzake onse ndi ku gulu la kalasi nthawi imodzi, ndiye amafuna njira ina, ndipo foni yobwereka ndi yoopsa kuposa yake chifukwa inu simuidziwa n'komwe. Komanso sichiphunzitsa kudziletsa: foni itabwerera, zonse zinayambira pamene zinasiyira. Chilango chogwira ntchito ndi chaching'ono, chodziwika kale, ndipo chimatha msanga. Mwachitsanzo, akachedwa kuika foni pa malo ake usiku, mawa lake iikidwa ola limodzi nthawi isanakwane, mkucha zonse zabwerera mwakale. Muzinene kamodzi, ndi mawu wamba: "Dzulo inachedwa, ndiye lero ndi kota tu 8." Akayamba kutsutsa, musalowe mu mkanganowo. "Tinagwirizana. Tidzakambirana Lamlungu." Kenako chokani pamalopo. Mkangano umafuna anthu awiri.

Yembekezerani kuti masiku oyamba zinthu ziyamba zaipa kaye zisanakhale bwino. Mwana amene anazolowera kuti akalimbikira mayi amagonja, adzalimbikira kwambiri kuposa kale kuti aone ngati lamulo latsopanoli ndi lenileni. Makolo ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kunena kuti zakanika, chonsecho ndi chizindikiro chakuti walimva. Mukagonja tsiku limene wakuwa kwambiri, mwamuphunzitsa kuti mlingo wofunika ndi umenewo.

Pali tinthu tina timene timabutsa mkangano mosafunikira. Ngati amasewera gemu ya pa intaneti ndi anzake, gemuyo singaimitsidwe pakati, ndipo akatuluka amakhumudwitsa gulu lake lonse. Gwirizanani kuti kukatsala mphindi 15 asayambe ina, m'malo momulamula kuzimitsa pakati. Ngati akuopa kuti anzake amuona wamwano posayankha, awauziretu kuti kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti sapezeka. Mumulole ngakhale kukunamizirani inuyo kuti "mayi anga ndi ovuta", zimamuchotsera manyazi. Magulu a WhatsApp amene amangolira akhoza kuwatontholetsa ndi Mute. Pa Android pali Focus mode yoimitsa mapulogalamu osankhidwa, pa iPhone pali Downtime ndi App Limits, ndipo Family Link ya Google imalola kholo kuika malire kuchokera pa foni yake. Zimathandiza, makamaka mwana akaziika yekha. Koma musazidalire ngati mpanda. Mwana wa zaka 15 wofunitsitsa amapeza njira yozilambalala msanga, ndipo mukaziika mobisa, tsiku limene adzatulukire mudzataya chikhulupiriro chimene dongosolo lonseli laimapo.

Za bambo ake: maganizo awo ndi omveka, ndipo muwamvetsere mwana palibe. Koma kugulitsa foni kumachotsa foni, sikumuphunzitsa kukhala nayo, chonsecho zaka zitatu zikubwerazi adzakhala ndi yake kutali ndi maso anu. Apempheni kuti ayese nanu dongosololi kwa mwezi umodzi. Chofunika kwambiri n'chakuti pamaso pa mwana mulankhule chimodzi. Ngati wina akulanda, wina akubweza mobisa, palibe dongosolo limene lingakhale. Mwezi ukatha popanda kusintha, pali njira yapakati musanafike pogulitsa: masiku a sukulu agwiritse ntchito kafoni ka mabatani, manotsi aziwaona pa foni yanu, foni yakeyo aziitenga Lachisanu madzulo.

Pali chinthu china chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse, chifukwa mwatchula masamu okha. Nthawi zina foni si imene yagwetsa phunziro. Phunziro ndi limene linayamba kuvuta, mwana n'kuthawira ku foni. Mungadziwe chonchi. Madzulo ena, foni ili kutali, khalani chapafupi mukuchita zanu, muone mphindi 15 zoyambirira. Ngati wayamba kulemba, ngakhale monyinyirika, vuto linali kudodometsedwa, ndipo dongosololi lithandiza. Koma ngati wangoyang'ana funso loyamba, akufufuta, akusongola pensulo, akupita kukamwa madzi kawiri, ndiye kuti pali mutu wina umene anaphonya ndipo akuchita manyazi kunena. Apo kuchotsa foni kokha kumangomusiya yekha ndi chinthu chimene akuchiopa. Tengani kope lake ndi mapepala a mayeso apitawa, muone pamene zizindikiro zolakwa zinayambira kuchuluka, kenako mukaonane ndi aphunzitsi a masamu. Afunseni mutu weniweni umene wamusiya m'mbuyo, komanso ngati amasinza m'kalasi kapena amavutika kuona pa bolodi. Ngati kuvutika kukhazikika pa chinthu chimodzi kunalipo kuyambira ali wamng'ono, foni isanabwere, kunyumba ndi kusukulu komwe, zimenezo n'zofunika kuzifotokoza kwa dokotala.

Pakatha milungu iwiri musayang'ane malikisi, sasintha msanga choncho. Yang'anani ngati akudzuka mosavutirapo, ngati kope lili ndi masamba olembedwa, ndi kangati mwakweza mawu. Ngati pa masiku khumi a sukulu zayenda bwino masiku asanu ndi awiri, zimenezo n'zabwino ndithu; muuzeni, ndipo muwonjezereni ufulu pang'ono, monga mphindi 30 Loweruka usiku. Aone kuti kusunga pangano kumamasula chingwe.

Pali pamene nkhaniyi imaposa dongosolo la pakhomo. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linavomereza mu 2019 kuti pali vuto la kukodwa ndi magemu, ndipo zizindikiro zake si kuchuluka kwa maola chabe ayi. Ndi kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale zinthu zikuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposa. Inu musadikire chaka. Ngati wasiya mpira kapena anzake amene ankawakonda, akujomba kusukulu, sakusamba kapena kudya bwino, akuba ndalama zogulira data kapena kubetcha, kapena akuswa zinthu ndi kuopseza kumenya munthu foni ikachotsedwa, kaonaneni ndi mlangizi wa kusukulu kapena dokotala. Chimodzimodzi ngati wakhala wokhumudwa kapena wosachedwa kupsa mtima pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposa, chifukwa matenda a nkhawa ndi kukhumudwa mwa anyamata amakonda kuoneka ngati ukali ndi kudzipatula.

Chenjerani kwambiri ngati amadzidzimuka uthenga ukalowa, amabisa sikirini mwamantha osati mwamanyazi chabe, kapena wayamba kupempha ndalama mwadzidzidzi popanda chifukwa chomveka. Zikhoza kutanthauza kuti anzake akumuzunza pa intaneti, kapena kuti wina anamunyengerera kutumiza chithunzi chamaliseche ndipo akumuopseza kuti achifalitsa. Anyamata a msinkhu uwu ndi amene achifwamba oterewa amawasaka kwambiri, ndipo amabisa chifukwa choopa manyazi ndi kulandidwa foni. Ndiye muuziretu panopa, zinthu zili bwino, kuti akadzakumana ndi zotere n'kubwera kwa inu, simudzamulanda foni ndipo simudzamukalipira. Zikachitika, asalipire kanthu, asafufute mauthengawo, asiye kuyankha, ndipo mukanene kupolisi ndi kwa eni pulogalamuyo. Ndipo akangonena mawu osonyeza kuti watopa ndi moyo kapena akufuna kudzivulaza, ngakhale awanene pakati pa mkangano wa foni, musawatenge ngati kuopseza chabe. Mufunseni mwachindunji, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.